Foni yamira mu Shire, Gmail ikufuna manambala a Authenticator: muyambire pati

Funso

Zikomo a katswiri. Ndine mayi wa ku Makhanga, ndimagulitsa nsomba zouma ndi chitowe, ndipo makasitomala anga ambiri a ku Blantyre amandipeza pa tsamba langa la Facebook komanso pa WhatsApp. Sabata yatha foni yanga inagwera m'madzi tikuwoloka pa bwato kupita ku Bangula, osapezekanso. Ndagula ina. Pasiwedi ya Gmail ndikuikumbukira, koma ndikailemba akuti ndilembenso manambala 6 ochokera mu Google Authenticator. Facebook nayonso chimodzimodzi. Pulogalamuyo anandiikira ndi mwana wa achimwene anga chaka chatha. Ndaiikanso pa foni yatsopanoyi koma mulibe kanthu. Simu imene inamira ija inalembetsedwa m'dzina la achemwali anga. Mnyamata wina pa msika wati ndimupatse K15,000 anditsegulira zonse. Ndichite chiyani?

Yankho

Pepani kwambiri mayi, ndipo tithokoze kuti chamira ndi foni yokha. Ndalama ija musapereke. Palibe njira yobisika imene mnyamatayo akuidziwa yomwe inu simungaidutse nokha, ndipo ndifotokoza kutsogoloku chifukwa chake kompyuta yake ingakuchepetsereni mwayi m'malo mokuwonjezerani. Chimene chingakuthandizeni ndi kutsegula zinthu motsatana bwino: nambala ya foni poyamba, kenako Gmail, kenako Facebook ndi WhatsApp. Anthu ambiri amene ndimawathandiza kuno ku Nchalo amayambira kumapeto, n'kudzitsekera okha makomo amene anali otsegula.

Ndiyambe ndi chifukwa chimene pulogalamu ija yabwera yopanda kanthu, chifukwa mukamvetsa zimenezi simuvutikanso ndi zinthu zosatheka.

Manambala otsimikizira kuti mwini akaunti ndinu amabwera m'njira ziwiri zosiyana kwambiri. Ena amatumizidwa ngati meseji ku nambala yanu ya Airtel kapena TNM. Amenewa amatsatira nambala, moti mukapeza simu ina ya nambala yomweyo, ayambiranso kufika pa foni iliyonse imene mwaiikamo. Manambala a mu Google Authenticator sayenda choncho. Palibe amene amawatumiza. Tsiku limene mwana wa achimwene anu ankakuikirani, Google inaonetsa kachithunzi ka timabokosi takuda ndi toyera kotchedwa QR, iye n'kukajambula ndi foni yanu. Mkati mwa kachithunzi kameneko munali kiyi wachinsinsi, mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala. Kiyiyo anasungidwa malo awiri, kwa Google ndi mu foni yanu. Kuyambira pamenepo foni inkatenga kiyiyo, n'kumuphatikiza ndi nthawi ya pa wotchi, n'kuwerengetsera manambala 6 atsopano masekondi 30 alionse. Google nayo imawerengetsera chimodzimodzi kumbali yake, ndipo manambala akafanana imakulolani kulowa. N'chifukwa chake pulogalamuyi imagwira ntchito ngakhale mulibe bandulo, ngakhale netiweki itathawa.

Tsono chimene chamira mu Shire ndi kiyiyo. Kuikanso pulogalamu pa foni yatsopano kuli ngati kugula chikwama chofanana ndi chimene chinatayika: chikwamacho n'chomwecho koma ndalama mulibe. Simu yatsopano siibweretsa kiyi. Ku ofesi ya Airtel kapena TNM sangamupeze chifukwa sanadutsepo kwa iwo. Ndipo kuyesa kulotera manambala n'kutaya nthawi, popeza manambala 6 angasanjidwe m'njira 1,000,000, amasintha theka la mphindi iliyonse, ndiponso mukalakwitsa kangapo amakuimitsani.

Pali chinthu chimodzi chimene chikundipatsa chiyembekezo pa nkhani yanu. Kuyambira mu Epulo 2023, Google Authenticator imatha kusunga makiyi aja mu akaunti ya Google, ngati munthu analowa mu pulogalamuyo ndi Gmail yake. Mufunseni mwanayo ngati pamwamba pa pulogalamuyo pankaoneka kachizindikiro ka mtambo kobiriwira, kapena ngati anasankha mawu akuti "Use without an account". Ngati kamtambo kanalipo, makiyi anu onse, ndi wa Facebook yemwe, akukudikirani mkati mwa Gmail. Vuto n'loti kiyi wa nyumba watsekeredwa m'nyumba momwemo, ndiye tiyenera kulowa mu Gmail kudzera khomo lina. Ichi ndicho chifukwa chake ndikuti Gmail iyambe, Facebook ibwere pambuyo.

Musanakwere n'komwe bwato kupita kukafuna simu, khalani pansi ndi mwanayo mufunsane mafunso awiri. Loyamba: kodi pali chipangizo china chimene Gmail yanu kapena Facebook yanu inatsegulidwapo ndipo simunatulukemo? Ikhoza kukhala foni yakale yosweka sikirini imene ili m'sutikesi, foni ya bambo a kunyumba, laputopu ya mwanayo, kapena kompyuta ya ku ofesi ya kopaletivu. Ngati chilipo, musachikhudze mwachisawawa. Musadine "Sign out", musafufute mbiri ya pa Chrome, ndipo ngati ndi foni yowonongeka musalole okonza mafoni kuti aifulashe, chifukwa kufulasha kumapukuta zonse. Foni imene yafa sikirini yokha imakhala ikadali ndi zonse mkati, ndipo kugula sikirini ina nthawi zambiri ndiyo njira yachidule kuposa zina zonse.

Funso lachiwiri: kodi anakulemberani manambala ena pa pepala, kapena kuwajambula? Google imapereka manambala osungira, pa sikirini amalembedwa kuti "Backup codes". Amakhala 10, lililonse lili ndi manambala 8, ndipo lililonse limagwira ntchito kamodzi kokha. Facebook nayo ili ndi ake otchedwa "Recovery codes". Achinyamata ambiri akamaikira munthu zinthu zimenezi amangojambula sikirini n'kudzitumizira pa WhatsApp, kenako n'kuiwala. Muuzeni mwanayo afufuze m'zithunzi za mwezi umene anakuikirani. Nambala imodzi yokha mwa amenewa ndi yokwanira kuthetsa nkhani yonse ya Gmail m'mphindi zochepa.

Tsopano za simu. Ku Malawi kuno nambala iliyonse imalembetsedwa pa chiphaso cha unzika cha munthu, ndipo amene angapemphe simu yolowa m'malo mwa yotayika ndi mwini dzinalo. Kwa kampani ya foni, mwini nambala yanu ndi achemwali anu. Apite okha, ndi chiphaso chawo chenicheni, inu muwaperekeze. Pitani ku shopu ya kampaniyo kapena kwa amene kampaniyo inawavomereza kusintha simu, osati kwa aliyense amene wakhala pansi pa ambulera. Ndi bwino kuyamba mwaimba pa foni ya wina kufunsa malo apafupi amene amachita zimenezi komanso zimene akufuna, kuti musaononge ndalama ya bwato ndi minibasi pachabe. Nthawi zina amafuna lipoti la polisi, ndipo angafunse manambala amene mumaimbira kawirikawiri kapena ndalama zimene zinatsala mu Airtel Money kapena Mpamba, choncho lembani zimenezi pa pepala musananyamuke. Muli pomwepo, funsani m'mene mungasinthire umwini wa nambalayo kuti ikhale m'dzina lanu. Bizinesi yanu yonse yatsamira pa nambala imeneyi, ndipo achemwali akadzasamukira kutali kapena kudwala mudzavutika kwambiri.

Musazengereze. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitseka n'kudzaipereka kwa munthu wina, ndipo mameseji a akaunti zanu amayamba kupita kwa mlendo.

Simu yatsopano ikayamba kugwira, yesani kaye ngati ikulandira meseji: wina akutumizireni. Nthawi zina kuimba kumayamba msanga koma mameseji amachedwerapo. Kwa anzathu okhala kufupi ndi malire, monga cha ku Marka, onaninso dzina la netiweki pamwamba pa sikirini, chifukwa foni imatha kugwira netiweki ya ku Mozambique yokha ndipo meseji ya manambala imatha kulephera kufika. Zikatero sankhani netiweki ya kwathu ndi manja mu "Settings".

Tsopano tsegulani Gmail pa foni yatsopano, lembani adiresi ndi pasiwedi. Ikafika pofunsa manambala a Authenticator, yang'anani m'munsi. Pali mawu aang'ono akuti "Try another way". Dinani pamenepo. Google ikuonetsani makomo onse amene akaunti yanu ili nawo, ndipo mndandanda wake umasiyana munthu ndi munthu malinga ndi zimene zinaikidwa kale. Mukaona mawu onena za kutumiza manambala ku nambala ya foni, ndipo manambala awiri omaliza amene akuonekawo ndi anu, sankhani pamenepo. Meseji ifika, mulemba manambala 6, mwalowa. Anthu ambiri amene ali ndi Authenticator amakhala kuti nambala yawo inaikidwanso ngati njira yachiwiri, kungoti sadziwa chifukwa Google imayamba kufunsa pulogalamuyo. Mukaona "Enter one of your 8-digit backup codes" ndipo pepala lija lapezeka, lembani nambala imodzi. Mukaona kuti atumiza uthenga woti mudine "Yes" pa foni ina, ndipo dzina la foniyo ndi la ija ili m'sutikesi, itchajeni, muilumikize ku intaneti, uthengawo ufika.

Ndikuuzeni za mphunzitsi wina wa ku Ngabu amene ndinamuthandiza, chifukwa nkhani yake ikuonetsa m'mene khomo limodzi limatsegulira ena. Foni yake inabedwa mu minibasi Lachisanu. Anali ndi Authenticator ya Gmail ndi Facebook, analibe pepala la manambala osungira, ndipo atadina "Try another way" nambala imene inaoneka inali yakale, imene anaisiya zaka zapitazo. Simu yatsopano sinamuthandize pa Gmail. Koma anali ndi laputopu kunyumba imene ankalembera mayeso, ndipo Chrome ya pamenepo inali ikadali mkati mwa Gmail yake. Anabwera nayo Lolemba akufuna ndimufufutire zonse kuti wakubayo asaone kanthu, ndipo ndikanachita zimenezo ndiye kuti tikanatseka khomo lokhalo limene linatsala.

M'malo mwake tinatsegula `myaccount.google.com`, n'kupita pa "Security", kenako "2-Step Verification". Google inafunsa pasiwedi yokha, popeza laputopuyo inkaidziwa kale. Chinthu choyamba chimene tinachita sichinali kusintha chilichonse, koma kudina "Backup codes" ndi kulemba manambala onse 10 m'kope. Ndimayamba ndi zimenezi nthawi zonse, chifukwa magetsi akathima kapena tikalakwitsa pena pake, timakhala tili ndi pobwerera. Kenako tinachotsa nambala yakale n'kuika imene akugwiritsa ntchito. Tinapita pa "Your devices", n'kupeza foni yobedwayo, n'kudina "Sign out". Tinasintha pasiwedi. Pomaliza tinatenga foni yake yatsopano, n'kulowa mu Gmail pogwiritsa ntchito nambala imodzi mwa 10 aja, n'kutsegula Google Authenticator ndi akaunti yomweyo. Mizere iwiri inatulukira yokha, wa Google ndi wa Facebook, chifukwa kamtambo kaja kanali koyatsa. Popeza foni yake inali m'manja mwa wakuba, makiyi akalewo sitinawakhulupirirenso, ndiye tinapanga atsopano ku mbali zonse ziwiri. Kwa inu zimenezi sizofulumira kwenikweni, foni yanu ili pansi pa madzi.

Zinthu ziwiri zingasiyane ndi nkhani ya aphunzitsiwa. Nthawi zina Google, ngakhale pa chipangizo chimene ikuchidziwa, imafunsanso chitsimikizo china musanasinthe zachitetezo. Ndiponso nambala kapena imelo yobwezeretsera akaunti imene mwangoika kumene imatha kutenga masiku mpaka 7 isanayambe kudaliridwa mokwanira. Zikatero musachite mantha ndipo musatuluke mu akauntiyo. Isiyeni yotsegula pa chipangizocho, mudikire, muyesenso.

Nanga ngati makomo onsewa palibe? Palibe chipangizo china, palibe pepala, nambala yooneka si yanu. Pamenepo patsala njira yopempha Google kuti ikubwezereni akaunti, pa adiresi iyi:

```
g.co/recover
```

Apa ndipo pamafunika kudekha, chifukwa amene akuweruza pempho lanu ndi makina amene akuyerekeza zimene mukuchita lero ndi zimene mwini akaunti ankachita kale. Amayang'ana chipangizo, malo amene muli, ndi mayankho anu. Choncho chitani zimenezi kwanu, pa netiweki imene mumagwiritsa ntchito masiku onse, ndipo ngati pali foni kapena kompyuta imene munalowerapo mu Gmail ngakhale kamodzi kale, gwiritsani ntchito imeneyo ngakhale munatulukamo. Apa ndi pamene mnyamata wa K15,000 angakupwetekeni. Kompyuta yake Google siikuidziwa, mwina yayesapo kale kutsegula maakaunti a anthu ena ambiri, ndipo pempho lochokera pamenepo limaoneka ngati la wakuba. Kuwonjezera apo mudzakhala mwamuuza pasiwedi yanu. Ena mwa anyamata otere amangotsegula Gmail yatsopano ya dzina lofanana ndi yakale n'kukuuzani kuti zatheka, inu n'kudzazindikira kunyumba kuti manambala a makasitomala mulibe.

Yankhani funso lililonse, musadumphe. Akafunsa pasiwedi yomaliza imene mukuikumbukira, lembani yeniyeni mosamala, zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'malo mwake. Akafunsa imelo ina yoti akuyankhireni, perekani imene mungathe kuitsegula lero, ngakhale ya mwana wa achimwene anuyo ngati mumamukhulupirira. Pa akaunti yokhala ndi chitetezo chachiwirichi chofunsa manambala kuwonjezera pa pasiwedi, Google imanena kuti kufufuzako kumatha kutenga masiku ogwira ntchito atatu mpaka asanu. Kuchedwako n'kwadala: amafuna kupereka mpata kwa mwini weniweni kuti akane ngati wopemphayo ndi wakuba. M'masiku amenewo musamayese mobwerezabwereza pa mafoni osiyanasiyana. Yang'anani imelo ija tsiku lililonse, ndi mu "Spam" momwe.

Ndikuuzeni zoona mayi, njira imeneyi imatha kukana. Akaunti yaulere ya Gmail ilibe ofesi yoti mupiteko ndi chiphaso, ndiponso ilibe nambala yoimbira kuti munthu akutsegulireni. Aliyense amene angakuimbireni kapena kukulemberani pa WhatsApp kuti ndi wa ku Google ndi wakuba. Ikakana, dikirani masiku angapo, ganizirani chipangizo china chimene munaiwala, muyesenso kamodzi. Ikakanabe, ndi bwino kutsegula Gmail ina n'kuika mphamvu zanu pa Facebook ndi WhatsApp, kumene kuli makasitomala anu, ndipo kumeneko njira zake sizidalira Google yokha.

Tibwere ku Facebook. Ngati Gmail yatseguka ndipo mzere wa Facebook wabwerera mu Authenticator, ingolembani manambalawo. Akakanidwa pamene mukuona kuti mwalemba bwino, vuto nthawi zambiri limakhala wotchi ya foni. Kumbukirani kuti manambala aja amawerengetseredwa kuchokera ku nthawi, ndiye foni ikatsogola kapena kutsalira ndi mphindi ziwiri zokha, imatulutsa manambala a nthawi ina. Mafoni ogula kwa anthu, komanso amene batire lake linatheratu n'kukhala masiku osatchajidwa, amakonda kuchita zimenezi. Pitani mu "Settings", pa "Date & time", yatsani kuti nthawi izidziika yokha kuchokera ku netiweki. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: wotchi ikalakwika, mizere yonse ya mu pulogalamuyo imakanidwa, osati umodzi wokha. Ngati ukukanidwa ndi umodzi, ndiye kuti mwina mukuwerenga mzere wa akaunti ina, kapena kiyi wa mzerewo ndi wakale.

Ngati mzere wa Facebook sunabwerere, pa tsamba lofunsa manambalalo pali mawu ofanana ndi a Google aja, oti muyese njira ina. Kalembedwe kake kamasinthasintha koma amakhala m'munsi mwa bokosi lolembamo manambala. Mupeza mwayi wovomereza kulowako kuchokera pa chipangizo china chimene chili kale mkati, wolandira meseji ngati nambala inaikidwa, kapena wolemba imodzi mwa "Recovery codes". Zonsezi zikakanika, Facebook ili ndi njira ina: imatha kukupemphani chithunzi cha chiphaso chanu, nthawi zina ndi kavidiyo kakafupi ka nkhope yanu. Jambulani chiphaso cha unzika pa tebulo loyera kapena pa nsalu yopanda maluwa, panja pamthunzi, makona onse anayi azioneka, zilembo ziziwerengeka. Chimene chimagwetsa anthu ambiri apa ndi dzina. Ngati pa Facebook munalemba dzina la bizinesi kapena lotchulira mwana, pamene pa chiphaso pali dzina lina ndi tsiku lobadwa lina, amavutika kukhulupirira kuti ndinu yemweyo. Yankho limabwera pa imelo imene mwapereka, ndiye perekani imene ikutseguka.

Tsamba la bizinesi lilibe pasiwedi yakeyake, limayendetsedwa ndi akaunti za anthu amene anapatsidwa ulamuliro. Ngati mwana uja anadziikapo ngati woyang'anira nawo pamene ankakutsegulirani, angathe kulemba pa tsambalo lero lomwe kudziwitsa makasitomala kuti foni inatayika, ndipo ngati ali ndi ulamuliro wonse angathenso kuikapo akaunti yanu yatsopano zikavuta. Mufunseni zimenezinso.

WhatsApp ndaisiya kumapeto mwadala, ngakhale ndikudziwa kuti ndi imene mtima wanu ukuifuna msanga. Kuti itseguke imangofuna simu: imatumiza meseji ya manambala 6 ku nambala yanu. Ngati munaikanso pini ya "Two-step verification", ikufunsani pini ya manambala 6 imene munasankha nokha. Mukaiiwala, amakutumizirani njira yoisinthira ku imelo imene munaika, imene mwachidziwikire ndi Gmail yomwe ija. Popanda imelo, mumadikira masiku 7. Koma chifukwa chachikulu chodikirira ndi china. Mauthenga anu akale, maoda ndi ngongole za makasitomala, ngati ankasungidwa, ali mu Google Drive ya Gmail yomweyo, ndipo WhatsApp imafunsa zowabwezeretsa pa nthawi yoikhazikitsa. Mukaitsegula Gmail isanalowe pa foni, imayamba yopanda kanthu, ndipo ikadzayamba kusunga zatsopano mu akaunti yomweyo imatha kufufuta zakale zija. Ngati mwaitsegula kale, musayatse kusunga ku Google Drive. Gmail ikadzalowa, chotsani WhatsApp n'kuiikanso, mulembe nambala yomweyo, ndipo ikafunsa mudine "Restore". Mauthenga a masiku ochepa apakatiwa ndi amene angatayike, ndiye lembani maoda atsopano m'kope.

Langizo limeneli ndi la inu amene foni yanu inamira. Kwa munthu amene foni yake yabedwa ndimanena zosiyana: atseketse simu tsiku lomwelo, ndipo akapeza yatsopano alembetse WhatsApp mwamsanga, chifukwa kutero kumatulutsa wakubayo asanayambe kupempha ndalama kwa abale m'dzina lake.

M'masiku amenewa mukhala mukudikira mameseji a manambala, ndipo akuba amadziwa kuti munthu wotere savuta kunamiza. Wina akhoza kukuimbirani kuti watumiza manambala ku foni yanu molakwitsa, mumuwerengere. Wina anganene kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni kuti amalize kulembetsa simu yanu yatsopano. Manambala amene afika pa foni yanu ndi olemba inu nokha pa sikirini imene mwaitsegula nokha. Mukawerengera munthu, ndiye kuti iye ali pa khomo la akaunti yanu ndipo mwamupatsa kiyi. Pini ya Airtel Money kapena Mpamba nayonso musauze aliyense, ngakhale amene akukusinthirani simu.

Zonse zikatseguka, musazimitse chitetezo chachiwirichi chifukwa chokwiya nacho, popeza tsamba lokhala ndi makasitomala ndi limene akuba amalifuna. Chimene chinalakwika n'choti munali ndi khomo limodzi, ndipo linali mu foni. Tsiku lomwelo, mukadali mkati, lembani manambala osungira a Google ndi a Facebook ndi cholembera. Mukapanga atsopano akale amafa, ndiye lembani tsiku pamwamba pa pepalalo, ndipo muzidula mzere pa nambala iliyonse imene mwagwiritsa ntchito. Kuno kuchigwa pepala lili ndi adani ake. Amene tinaona madzi a mu Januwale 2015 ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa kuti foni ndi mapepala a m'nyumba zimatha kupita tsiku limodzi. Ine ndimalangiza mapepala awiri: lina mu pepala la pulasitiki pamodzi ndi ziphaso zimene mumathawa nazo, lina kwa m'bale wodalirika wokhala kumtunda. Pa pepalalo musalembepo pasiwedi, kuti wolipeza asakhale ndi zonse ziwiri.

Ikani nambala yanu ngati njira yachiwiri pa akaunti zonse, muikenso imelo ya munthu mmodzi wa m'banja ngati yobwezeretsera. Mu Authenticator onetsetsani kuti kamtambo kaja n'kobiriwira. Pamene mukuika kiyi watsopano, pansi pa kachithunzi ka QR pamakhala mawu akuti "Can't scan it?" amene amaonetsa kiyiyo m'zilembo. Mukamukopera pa pepala molondola, mungathe kudzamulemba pa foni ina iliyonse posankha "Enter a setup key", ndipo manambala adzayambiranso kutuluka ngati kale. Yesani pomwepo pa foni yachiwiri kuti muone ngati zonse ziwiri zikutulutsa manambala ofanana, chifukwa chilembo chimodzi chikalakwika kiyi yense sagwira.

Ndipo tsiku limene mudzagule foni ina yakaleyo ikadali yamoyo, musaigulitse kapena kuipatsa mwana musanasamutse. Mu Authenticator ya foni yakale dinani "Transfer accounts" kapena "Transfer codes", kenako "Export accounts" kapena "Export codes", mujambule kachithunzi kamene katuluke ndi foni yatsopano posankha "Import accounts" kapena "Import codes". Lowani mu Gmail ndi mu Facebook pogwiritsa ntchito manambala a foni yatsopanoyo, muone kuti alandiridwa, ndiyeno mufufute yakaleyo.